Mayeso a Weber: musagawe atsogoleri m'mabokosi atatu

Ophunzira a zandale ndi zachikhalidwe cha anthu, funso lija la Max Weber limabwera kawirikawiri: fotokozani mitundu itatu ya ulamuliro, wa mwambo, wa chikoka ndi wa malamulo, ndipo muonetse mmene ikugwirira ntchito m'boma la masiku ano. Gawo loyambalo ambiri mumalikhoza. Kumene malikisi amatayika ndi ku gawo lachiwiri, ndipo maganizo anga ndi akuti amatayika chifukwa cha chizolowezi chimodzi: kutenga mtundu uliwonse n'kuupatsa munthu wake. Mwambo ndi mafumu, chikoka ndi Kamuzu kapena Mandela, malamulo ndi Nyumba ya Malamulo, basi cholembera pansi. Yankho lotere silabodza, koma silinayankhe funso. Mwafunsidwa za boma limodzi, inu mwabweretsa zitsanzo zitatu zosakumana.

Weber, Mjeremani amene anamwalira mu 1920, sankafunsa kuti ndani ali ndi mphamvu. Wakuba wa mfuti naye ali ndi mphamvu. Funso lake linali lakuti: anthu akamamvera wolamula n'kumaona kuti kumverako n'koyenera, akukhulupirira chiyani? Ena amamvera chifukwa ndi mmene zakhalira kuyambira makolo. Ena amamvera chifukwa akukhulupirira kuti munthu uyu ali ndi mphatso yoposa ya anthu wamba, ndipo amatsata iyeyo, osati mpando wake. Ena amamvera chifukwa wolamulayo anafika pampando motsata malamulo olembedwa, ndipo malamulo omwewo amamuikira malire. Iye mwini ananena kuti mitundu itatuyi ndi miyeso chabe, sipezeka yokhayokha m'boma lenileni. Choncho ntchito yanu si kunena kuti boma lakuti lili m'bokosi liti, koma kuonetsa mmene itatuyi yasakanikirana, ndi umene umapambana ikasemphana.

Malo abwino oonerapo zimenezi ndi pamene mpando wasowa mwini. Tengani Epulo 2012 kuno ku Malawi. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo. Wachiwiri wake, Joyce Banda, anali atachotsedwa m'chipani cholamula cha DPP mu Disembala 2010 ndipo anali atayambitsa chipani chake cha People's Party. Nduna zina zinalankhula poyera kuti iye sangatenge mpandowo poti sanalinso wa chipanicho. Koma gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko likunena kuti mpando wa pulezidenti ukakhala wopanda munthu, wachiwiri wake ndiye amamaliza nthawi yotsalayo. Silitchula chipani. Mkulu wa asilikali, Jenerale Henry Odillo, anaima kumbali ya lamuloli, ndipo pa 7 Epulo Mayi Banda analumbiritsidwa.

Nkhaniyi kuifotokoza chabe sikukwanira; muimange pa Weber. Ine ndikanalemba motere: "Ndunazo zinkaona mpando ngati katundu wa gulu lomwe linazungulira mtsogoleri, umene ndi mzimu wa ulamuliro wodalira munthu. Asilikali ndi woweruza wolumbiritsa anauona ngati udindo wokhazikitsidwa ndi lamulo, wosiyana ndi amene akukhalapo. Popeza ogwira ntchito za boma anamvera lamulo m'malo mwa gululo, tinganene kuti pa mfundo ya kulowa m'malo, ulamuliro wa malamulo ndiwo unali maziko." Ziganizo zitatu zokha, koma muli chochitika, muli muyeso wa Weber, muli chigamulo chanu. Onani kuti umboni wanga si zonena za andale ayi, ndi zochita za asilikali ndi akhothi. Weber ankayang'anitsitsa anthu amene amagwira ntchito pansi pa wolamula, chifukwa kumene iwo apereka kumvera kwawo ndi kumene ulamuliro wakhazikika. Ngati mukufuna chitsanzo chachiwiri chotsimikiza, khothi linathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, chisankho chatsopano n'kuchitika pa 23 Juni.

Tsopano mafumu. Apa ndi pamene ndimamva chisoni kwambiri, chifukwa nkhaniyi mumaidziwa kuposa mabuku ambiri ochokera kunja, koma mumaipatsa mzere umodzi. N'zoona kuti mfumu imasankhidwa ndi banja lachifumu motsata magazi, ndipo wa kumudzi amaimvera pa nkhani ya maliro kapena malire a munda chifukwa cha mwambo. Koma mfumu yomweyo ili pansi pa lamulo la mafumu la 1967. Pulezidenti ndiye amavomereza mafumu akuluakulu, amatha kuwakweza, ndipo lamulo limamulola kuwachotsa. Mswahala umachokera ku boma. Mikangano ya ufumu yambiri imakathera kukhothi. Ndiye mfumu imodzi yaima pa maziko awiri: kwa anthu ake ndi ya mwambo, kwa bwanamkubwa ndi udindo wa m'malamulo. Wolemba zimenezi waonetsa kuti mwambo sunafe m'boma lamakono, koma wapatsidwa malo ndi malire ndi lamulo. Andale nawo amafuna mafumu akhale nawo pansanja ya msonkhano chifukwa akudziwa kuti pali ulemu wina umene voti payokha sipereka.

Pa chikoka, samalani. Kudzaza bwalo la msonkhano kapena kupambana chisankho si umboni wokwanira. Wopambana chisankho amalamula chifukwa lamulo la zisankho latero. Chikoka cha Weber chimaoneka pamene otsatira ali okonzeka kusiya malamulo ndi miyambo yomwe ilipo chifukwa munthuyo wanena, ndipo chimatha akasiya kubweretsa zomwe analonjeza. Kamuzu atabwera mu 1958 kudzaphwanya chitaganya, anthu ankamuona ngati mpulumutsi. Pamenepo mawuwa akukwana. Koma onani zomwe zinatsatira. Anadzitcha nkhoswe ya amayi onse, kubwereka ulemu wa mwambo wa mbumba, ndipo mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya kudzera m'malamulo. Uku ndi kumene Weber ankati chikoka sichikhalitsa pachokha, chimafunafuna mwambo kapena lamulo kuti chikhazikike. M'boma la lero, chikoka muchifune m'zipani: zambiri zimadziwika ndi nkhope ya mtsogoleri kuposa mfundo, ndipo n'chifukwa chake zimagawanika mtsogoleriyo akachoka.

Chenjezo lina: musalembe ngati ulamuliro wa malamulo ndiye kuti boma labwino kapena demokalase. Weber sankayamikira, ankafotokoza. Boma latsankho la ku South Africa linali ndi malamulo olembedwa ndi maofesi oyenda mwadongosolo, koma anthu ambiri a m'dzikomo sankalivomereza. Chitsanzo chimenechi chikupatsaninso podzudzulira Weber: miyeso yake siisiyanitsa bwino kumvera kwa munthu wokhulupirira ndi kumvera kwa munthu wamantha kapena wosowa kolowera. Wochonga amasangalala ndi wophunzira woona malire amenewa.

Ndiye pogawa nthawi, matanthauzo atatuwo asapitirire ndime imodzi. Nenani msanga boma lomwe mwasankha ndi chigamulo chanu, mwachitsanzo kuti Malawi waima pa malamulo koma mwambo ndi chikoka zikugwira ntchito mkati mwake. Ndime zotsalazo zitsimikize chigamulocho ndi zochitika zokhala ndi zaka zake. Ndipo musabise umboni wokutsutsani: ntchito za boma zikamaperekedwa potengera chipani kapena kwawo kwa munthu, wolembedwayo amamvera amene anamuika, osati ofesi. Lembani zimenezo, kenako nenani ngati zikugwetsa chigamulo chanu kapena zikungochichepetsa mphamvu, ndi chifukwa chake.