Pulobeshoni ya ku Joni siyitanthauza kuti akutaye ngati chisanza

Loweruka lapitali achemwali anga a ku Chinamwali anandipeza pa Mpondabwino ndikugula utaka, nkhope ili gwa, nkundiuza kuti achimwene mwana wanu uja amuchotsa ntchito ku Joni, wangogwira miyezi iwiri basi. Ndisanayankhe nkomwe bambo wina wogulitsa pafupi walowerera kale, akuti mayi ngati anali pa pulobeshoni iwalani palibe mlandu pamenepo, auzeni angosaka ina. Mtima unandiwawa zedi chifukwa mawu amenewa ndi omwe atidyetsa ndalama zambiri ife a kutheba, ndipo amene amawanena kwambiri si mabwana ayi, ndi ife tomwe Amalawi tikakhala pa rumu madzulo.

Ndikudziwa komwe maganizowa amachokera. Kuno kwathu lamulo la ntchito la 2000 limalola pulobeshoni mpaka miyezi 12 kwa munthu wa luso, ndipo mkati mwa nthawiyo aliyense, bwana kaya wantchito, atha kuthetsa kontirakiti popanda notisi. Ndiye timakwera basi, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge titanyamula lamulo limeneli m'mutu, osadziwa kuti tsidya lija zinthu nzina. Ku Joni munthu wa pa pulobeshoni ndi wantchito kuyambira tsiku loyamba, lamulo lawo la 1995 lomwe amangolitchula kuti LRA limamuteteza kuti asachotsedwe mopanda chilungamo.

Ine zinandigwera mu 2024. Ndinalowa ntchito pa weyahausi ina ku Germiston, yopakira makatoni a zinthu za m'mashopu, kontirakiti inati pulobeshoni miyezi itatu, malipiro R27.58 pa ola omwe anali malipiro otsikitsitsa a boma chaka chimenecho, maola 45 pa sabata, ndiye kuti R1,241 pa sabata musanadule kalikonse. Ndagwira masabata khumi, kudzuka 4 koloko m'chisanu cha Juni chija zala zochita kuuma, palibe tsiku supavaiza anandiitana kuti apa ukulakwitsa, palibe anandiuza kuti pa shifiti timafuna makatoni angati. Lachisanu lina ndikuvula ovolosi anandiitana mu ofesi, pepala lili kale pa tebulo ndi cholembera pamwamba pake, akuti waperewera, ndiwe wochedwa manja, sayina apa tikupatse zako uzipita.

Ndinaliwerenga pepalalo pang'onopang'ono iye akugogoda tebulo ndi kiyi wa galimoto. Sinali kalata yondichotsa ayi, inali kalata yonena kuti ineyo ndasiya ntchito mwa kufuna kwanga. Abale anga apa ndi pamene ambiri timagwera. Ukasayina zimenezo wadzitsekera khomo wekha, chifukwa ku mlandu chinthu choyamba chomwe iwe uyenera kuonetsa nchakuti unachotsedwa, zikatero mpamene bwana amasenza udindo woonetsa kuti anakuchotsa mwachilungamo. Ndiye akatulutsa pepala loti unasiya wekha uyamba ndi phiri lofotokoza kuti anakukakamiza. Ine ndinati pepani bwana sindisayina, ndipatseni kalata yoti mwandichotsa. Anakana, koma usiku wake ananditumizira uthenga pa Watsapu kuti usabwerenso Lolemba, pulobeshoni yako yalephera. Uthenga umenewo ndinaujambula nkutumizanso ku foni ya mnzanga kuopa kuti aufufuta.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa ku Zimbabwe yemwe tinkapemphera naye, anagwirapo ntchito mu yuniyoni. Anandifunsa mafunso ochepa chabe. Anakuuza mlingo wa ntchito womwe akufuna? Ayi. Anakuphunzitsa kapena kukuwongolera ataona kuti ukuchedwa? Ayi. Anakupatsa nthawi yoti usinthe? Ayi. Asanakuchotse anakupatsa mpata woti unene mbali yako, uli ndi mnzako wa pantchito kapena wa yuniyoni pambali? Ayi. Ndiye akuti m'bale wanga zonsezi ndi zomwe malamulo a kachotsedwe ka ntchito amayembekeza kwa bwana pa pulobeshoni, cholinga cha pulobeshoni nchakuti akuone ngati ntchito ukuitha, osati azilemba anthu miyezi itatu nkuwataya nkulemba ena kuti asakhale ndi wantchito wokhazikika. Ngakhale kuwonjezera pulobeshoni kumene, sangangodzuka nkuti tawonjezera miyezi itatu ina osakumva kaye.

Koma ndisakunamizeni ngati pulobeshoni ilibe mano. Ili nawo. Chifukwa chomwe bwana angapereke pochotsa munthu wa pa pulobeshoni sichifunika kukhala cholemera ngati cha munthu amene wakhazikika kale. Akanakhala kuti anandiitana sabata yachinayi nkundiuza kuti anzako akupakira chonchi iwe uli apa, nkundipatsa munthu wondionetsa, nkundiitananso sabata yachisanu ndi chitatu, nkundimva, bwenzi ndilibe pogwira ngakhale kusiyana kwake kukanakhala kochepa. Ndipo ukaba kapena kumenya munthu pa ntchito imeneyo ndi nkhani ina, atha kukuchotsa popanda notisi bola akumve kaye. Chomwe chinandipatsa mlandu ine nchakuti sanachite kalikonse mwa izi, anangoona kuti oda yayikulu ija yatha anthu achuluka.

Tsopano nkhani ya masiku, iyi ndiyo imandipweteka kwambiri ndikaganiza anzanga omwe anali ndi milandu yabwino kuposa wanga. Uli ndi masiku 30 okha kuchokera tsiku lomwe wachotsedwa kuti ukadandaule ku CCMA, bungwe loyanjanitsa ndi kuweruza milandu ya pantchito, ndipo Loweruka ndi Lamulungu amawerenga momwemo. Ife timatani? Sabata yoyamba kulira, yachiwiri kusaka maganyu chifukwa lendi ikudikira, yachitatu bwana akukunyengerera kuti imbanso mawa tiona, ukamadzidzimuka masiku atha. Ukachedwa umayenera kulemba pempho lina loti akukhululukire kuchedwako, ufotokoze chifukwa chomveka, ndipo atha kukana. Ine ndinapita tsiku la 12. Fomu yake ndi LRA 7.11, sulipira ngakhale landi imodzi, umalemba dzina la kampani monga lilili pa peyisilipi, tsiku lomwe unayamba, tsiku lomwe unachotsedwa, ndi chomwe ukufuna, kubwerera pa ntchito kapena chipepeso. Kope imodzi uyenera kuipereka kwa bwana ndipo usunge umboni woti waipereka, imelo kapena siginecha ya amene walandira. Pa fomu pomwepo pali pofunsa ngati ukufuna womasulira, musachite manyazi kulembapo.

Mlandu wa pulobeshoni uli ndi kake kena komwe ambiri sadziwa. Milandu ina imakhala ndi tsiku loyanjanitsa, zikakanika mudzabwerenso tsiku lina kudzaweruzidwa. Wa pulobeshoni ziwirizi zimachitika tsiku limodzi, amati kon-abu, ndipo bwana sangakane kuti tisiyanitse masiku. Ndiye upite utanyamula zonse, kontirakiti, mapeyisilipi, mauthenga a pa foni, ndi mboni ngati ilipo yolimba mtima, chifukwa kukambirana kukakanika m'mawa komishonala atha kuyamba kumva umboni nthawi yomweyo.

Tsiku langa linafika patatha masabata pafupifupi anayi. Kachipinda kakang'ono, tebulo limodzi, komishonala mayi wachikulire ndithu ali ndi magalasi, uku ine uku munthu wa kampani ndi fayilo yonenepa. Mayi aja anangomufunsa kuti ndionetseni pomwe munamuuza bambowa kuti ntchito yawo ikuperewera, tsiku lake ndi amene analipo. Anatsegula fayilo, kutembenuza, kutembenuza, munali kontirakiti yanga ndi kope ya pasipoti basi. Kenako anapempha kuti atuluke akaimbe foni.

Ndalama zake ndikuuzeni mmene zinalili kuti musamve za m'maluwa. Notisi, munthu amene wagwira miyezi isanu ndi umodzi kapena kuchepera ndi sabata imodzi, pulobeshoni kaya ayi, ndiye R1,241 yomwe sanandipatse inalowa. Anali atandidula R450 ya ovolosi ndi nsapato pa malipiro omaliza pomwe palibe paliponse ndinasayina kuvomera kudulidwa, inabwerera. Ndalama ya masiku a tchuthi sindinapeze, lamulo limakakamiza bwana kulipira imeneyo ukachoka utagwira kupitirira miyezi inayi, ine ndinali ndi masabata khumi. Chipepeso, lamulo limati sichingapitirire malipiro a miyezi 12, ndipo chimafika miyezi 24 ngati wachotsedwa pa zifukwa zoletsedweratu monga mimba, kulowa yuniyoni kapena tsankho, ndipo alongo athu ogwira m'nyumba za anthu amve bwino apa, pulobeshoni siyipereka chilolezo chochotsa mkazi chifukwa waima. Koma manambala amenewo ndi denga chabe, munthu wa masabata khumi usapite ukuwerengera miyezi 12. Ine ndinapempha miyezi itatu, iwo anati theka la mwezi, tinakokana mpaka tinagwirizana R6,000, ya notisi ndi ya ovolosi zija nkuwonjezera pamwamba pake, ndi kalata yosonyeza kuti ndinagwirapo ntchito pamenepo. Zonse R7,691. Pangano linalembedwa ndi tsiku lolipira, ndipo ndinapempha kuti lisandutsidwe chigamulo kuti akazemba ndikhale ndi pogwira. Analipira tsiku lomaliza lenilenilo, koma analipira.

Funso lomwe achemwali anandifunsa motsitsa mawu pa msika paja ndi lomwe aliyense amafunsa, nanga poti mapepala a mwanayo anatha? Khoti la za ntchito la ku Joni linagamula kale mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi munthu wa ku Argentina yemwe pemiti yake inatha, kuti ngakhale ulibe pemiti yogwira ntchito ukadali wantchito pamaso pa lamulo ndipo CCMA ili ndi mphamvu yomva mlandu wako. Izi sizikonza mapepala ako, apolisi a pamsewu akadali pomwepo, ndipo kubwezeredwa pa ntchito usayembekezere poti bwana saloledwa kulemba munthu wopanda pemiti. Koma thukuta lako ndi notisi yako sizifa chifukwa cha chidindo. Chomwe chimandikwiyitsa nchakuti mabwana ena amakulemba akudziwa bwinobwino mmene pasipoti yako ilili, tsiku lokuchotsa mpamene amakumbukira kuti ndiimbira a Home Affairs.

Usiku womwewo ndinamuimbira mphwanga pa foni ya mayi ake. Akuti amalume ndangotopa, ndikufuna ndikwere basi pa Park Station ndibwere kumudzi. Ndinamufunsa tsiku lomwe anamuuza kuti asabwerenso, tinawerenga limodzi pa kalendala ya pakhoma, linali tsiku la 19. Mwamwayi sanasayine kalikonse, ndipo mapeyisilipi onse awiri ali nawo mu chikwama. Lachiwiri wakapereka fomu, nambala ya mlandu yabwera pa foni dzulo. Ndamuuza kuti basi idikire, chifukwa ukapanda kuoneka pa tsiku lako mlandu atha kuuthetsa iwe uli pa Mwanza ukudinditsa pasipoti, ndipo asasinthe nambala ya foni poti tsiku la mlandu adzamuuzira pomwepo. Lendi ya mwezi uno tasonkherana ine ndi mayi ake, ndatumiza mmawa uno.