Za mnyamata amene anagona pa ulonda

Mayi wina, atawerenga nkhani ina ya nkhondo, anandifunsa kuti: "Kodi n'zomveka kuti mnyamata wa m'nkhaniyi anagona tulo usiku wake woyamba kunkhondo, mizinga ikulira?"

N'zomveka ndithu, amayi, ndipo ine ndikuona kuti apa m'pamene wolemba anaonetsa kuti nkhaniyi akuidziwa bwino. Munthu amene wayenda tsiku lonse atasenza mfuti, zipolopolo ndi madzi, kenaka n'kukumba dzenje lobisalamo, thupi lake limam'gonjetsa ngakhale mantha achuluke bwanji. N'chifukwa chake asilikali amasinthana ulonda pakapita maola ochepa, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, kugona pa ulonda m'gulu la asilikali a Britain unali mlandu woti munthu akanatha kuphedwa nawo. Abale athu amene amalondera usiku kuno ku Joni akudziwa mmene zikope zimalemerera cha m'ma 3 koloko m'bandakucha.

Chimene sindinakhutire nacho ndi pamene m'nkhaniyi sajeni akumuyatsira mnyamatayo fodya poyera kuti amukhazike mtima pansi. Msilikali amene wakhalitsa pankhondo sangachite zimenezo, chifukwa kamoto ka ndudu kamaonekera patali mumdima, ndipo akasuta amabisa nduduyo m'chikhatho atawerama pansi m'dzenjemo.