Ndalama za ejenti pa nyumba za lendi kuno ku Harare zandiwawa, ndilankhulepo

Abale anga amene muli kuno ku Harare ndi ena amene mukuganiza zobwera, nkhani ya ma ejenti a nyumba yandikhala pakhosi kwa miyezi iwiri tsopano ndiye lero ndingoitulutsa basi, poti mwina wina apulumukirapo. Ine ndimagwira ntchito yoyang'anira ma fulati ena ake ku Avenues, kusesa, kutsegula geti, kuyatsa pampu ya bowolo, kuitana pulambala paipi ikaphulika. Kwa zaka zitatu ndimakhala pa kachipinda ka kuseli komweko koma mayi a kunyumba ndi ana awiri atabwera kuchokera ku Dedza zinaoneka kuti sitingakwanemo, ndiye ndinayamba kusaka zipinda ziwiri mbali ya ku Mufakose, Kuwadzana kapena Budiriro komwe lendi imapepukako.

Ejenti amene ndikunenayu anandilozera ndi mnzanga wa kutchalitchi, akuti ndi wakwathu, makolo ake anachokera ku Malawi kalekale nthawi ya migodi ndi mafamu ija, Chichewa amalankhula bwinobwino chosakaniza ndi Chishona. Kumva munthu akukuitana kuti achimwene m'dziko la eni mtima umakhala pansi, ine ndinangodziwa kuti ndafika. Ananditumizira zithunzi pa WhatsApp nkunena kuti kuti ndikaone nyumba ndipereke kaye madola 10 a viyuwing'i, ndiye kuti ndalama yongokaonera. Nyumba yoyamba ku Budiriro tinakapeza kuti munalowa kale munthu sabata yapitayo, makatani ali pa windo, ana akusewera pakhomo. Ndinati ndibwezereni 10 yanga, iye akuti ayi achimwene imeneyo simabwezedwa, ndi ya mayendedwe ndi eyataimu, chonsecho kombi yochokera mtauni ndinamulipirira ndine. Yachiwiri ku Kuwadzana 10 inanso, kufika kukapeza zipinda zake sizomwe zinali pa chithunzi, chimodzi chopanda chitseko, chimbudzi cha mabanja asanu. Yachitatu ku Mufakose 10 inanso ndipo imeneyo ndiye inandisangalatsa, zipinda ziwiri pa nyumba ya agogo ena ake, lendi madola 160 pamwezi, magetsi a ZESA timasonkherana kugula matokeni.

Tsopano mverani mmene anandiwerengera tili chiimire panja pa geti. Lendi ya mwezi woyamba 160, dipoziti 160, komishoni yake theka la lendi yomwe ndi 80, kenako 20 ya pepala la mgwirizano, akuti kulemba ndi kupulinta. Zonse pamodzi 420, mukaphatikiza 30 ya kuonera ija ndi 450. Anandiuza kuti pali mayi wina akubwera masana ndi ndalama m'manja ndiye ndikachedwa nyumba ipita, komanso kuti agogowo safuna zokambirana ndalama ndi ma lojala, zonse zimadzera kwa iye. Ndinapereka kashi, lisiti sanandipatse, anati pepala la mgwirizano lija ndi lisiti lokwanira. Pepalalo ndi tsamba limodzi, lili ndi dzina langa, adiresi ndi lendi, za dipoziti palibe olo mzere umodzi.

Mwezi utatha agogo aja anandiitana pakhonde, nawonso malemu amuna awo anali a ku Ntcheu ndiye timamvana. Akuti mwana wanga, nanga 60 yotsala ya dipoziti ija umaliza liti? Ine mutu unaima. Tinakhala pansi nkuyamba kuwerengera limodzi, ndipamene zinadziwika kuti munthu uja anawapatsa dipoziti 100 yokha nkuwauza kuti ine ndapempha kuti yotsalayo ndidzamalize kumapeto a mwezi, ndipo pa lendi anawapatsa 120, 40 anadula kuti ndi yake yowapezera munthu. Agogo samadziwa nkomwe kuti ine ndinalipira 80, iwo amaona ngati ejenti alipidwa ndi iwo basi nkhani yatha. Ndiye kuti pa zipinda ziwiri za 160 munthu mmodzi anatenga 130 kwa ine, 40 kwa agogo, kuphatikizapo 60 ya dipoziti imene anangoibisa mthumba, zonse 230. Ntchito yake inali kutumiza zithunzi ndi kukwera kombi katatu.

Chimene chikundiwawa kwambiri nchakuti ine ndimaona tsiku ndi tsiku mmene ntchito ya ejenti weniweni imayendera, chifukwa ma fulati amene ndimagwirako ali m'manja mwa kampani yolembetsedwa. Kumeneko amene analemba ntchito kampaniyo ndi mwini nyumba, anasainirana nayo pepala loipatsa mphamvu, ndiye komishoni amalipira ndi iyeyo, amamudula 10 peresenti pa lendi mwezi ndi mwezi nkumutumizira sitetimenti yoonetsa kuti yalowa ndi iyi, tadula iyi, ya pulambala ndi iyi, yatsala ndi iyi. Ndipo 10 peresenti imeneyo ili ndi ntchito yooneka ndi maso. Fulati ikakhala yopanda munthu amailengeza okha, ofuna kulowa amawafunsa peyisilipi kapena kalata ya kuntchito, amaimbira landilodi wakale kufunsa ngati munthuyo amalipira bwino. Tsiku lolowa amabwera ndi fomu, ine ndimakhala nawo ndi makiyi, timayenda chipinda ndi chipinda kulemba kuti galasi ili ndi losweka kale, giza ikugwira, matailosi awiri a kubafa anang'aluka, makiyi taperekapo atatu, onse nkusaina. Fomu imeneyo ndi imene imadzapulumutsa dipoziti yako tsiku lotuluka chifukwa palibe angakunamizire kuti unaswa chinthu chomwe unachipeza chosweka. Lendi ndi dipoziti sizilowa mthumba mwa munthu, zimapita ku akaunti yapadera yosungira ndalama za makasitomala. Munthu akachedwa kulipira amamulondola ndi iwowo, denga likadontha foni imapita kwa iwowo. Ntchito zonsezi mukaziona bwino zikuteteza chuma cha mwini nyumba, nchifukwa chake amalipira ndi iye. Wolowa amangolipira kandalama ka kukonza mgwirizano kamodzi kokha, ndipo amamuuziratu asanasaine, lisiti nkumupatsa.

Kuno ku Zimbabwe kuli bungwe la Estate Agents Council limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Estate Agents Act, ndipo aliyense wochita ntchito ya u ejenti wa nyumba amayenera kulembetsa kumeneko. Wolembetsedwa akakudyera ndalama uli ndi kokadandaula, atha kulandidwa chiphaso, ndiye amakhala ndi mantha. Koma awa a pa WhatsApp ndi Facebook ambiri ndi ma dobadoba chabe ngati aja timawadziwa kwathu oima pa geti la maofesi a boma, alibe ofesi, alibe chiphaso, nambala akhoza kusintha usiku umodzi. Ndipo amadziwa bwino kuti ife obwera timaopa kupita kupolisi, ena mapepala awo sali bwino, ena amangoopa kufunsidwa mafunso ambirimbiri, ndiye amatisankha dala. Makampani akuluakulu nawonso sataya nthawi ndi zipinda ziwiri za ku Mufakose, komishoni yake ndi yochepa, ndiye m'malokeshoni monse mwatsala madobadobawa.

Sindikunena kuti munthu wokupezera nyumba asalandire kanthu ayi. Ine ndimaweruka mdima utagwa, Lamlungu lokha ndi lomwe ndimapuma, sindikanatha kuyenda khomo ndi khomo kufunsa chipinda. Ngati ndamutuma ndine kuti achimwene ndisakireni zipinda ziwiri zosapitirira 170, pafupi ndi msewu wa makombi, madzi akhalepo, ndiye kuti ndamulemba ntchito ndine ndipo ndiyenera kumulipira ndine, mtengo tigwirizane asanayambe kusaka, ndipo ndalamayo ituluke makiyi ali m'manja mwanga. Koma ngati agogo ndi amene anamuitana kuti ndipezere munthu wolowa m'zipinda zangazi, iye nkujambula zithunzi nkuyamba kuzimwaza m'magulupu, ameneyo ndi wantchito wa agogo, ine ndangoyankha kulengeza. Kundilipiritsa pamenepo zili ngati kupita ku Mbare Musika kukagula matimati kenako wogulitsa nkukuuza kuti ulipirenso malipiro a mnyamata amene amaitanira makasitomala. Choipitsitsa ndi kudya mbali zonse ziwiri mobisa, chifukwa munthu wotero saimira aliyense, sangakuuze kuti madzi a khansolo amatuluka kawiri pa sabata ngati mmene zilili pano, sangawauzenso agogo ngati wolowayo ali wovuta, iye akungofuna msainirane msanga atenge zake azipita.

Za viyuwing'i ndiye sindikuona chilungamo chake olo pang'ono. Munthu amene amalandira 10 pa mutu uliwonse wokaona nyumba alibe chifukwa chofunira kuti nyumbayo ipeze munthu msanga, akaonetsa anthu 8 pa sabata wapeza 80 nyumba ikadali yake yoonetsa, nchifukwa chake amakutengerani ngakhale ku nyumba yoti munalowa kale anthu ngati ija ya ku Budiriro. Kumulipirira kombi ndikumva, dola imodzi kapena ziwiri, koma kupitirira apo ikhale yoti idzachotsedwa pa komishoni nyumba ikapezeka.

Panopa mlamu wanga akusakanso chipinda ku Dzivaresekwa ndipo ndamuuza kuti asatulutse olo dola asanaonane maso ndi maso ndi mwini nyumba, osati wa pa foni, ndipo akafunse ma neba kuti kodi mwini wake ndi ameneyudi, chifukwa enanso amakhala ma lojala omwe akubwereketsa chipinda cha eni. Akawafunse eni akewo ejenti ali pompo kuti kodi inu mwamulipira kale uyu kapena ayi, funso limeneli lokha likanandipulumutsira 80 yanga. Lendi ndi dipoziti apereke m'manja mwa mwini nyumba, ya ejenti payokha, ndipo ngati nkotheka atumize pa EcoCash kuti pakhale uthenga woonetsa dzina ndi tsiku, apo ayi alembe m'kabuku onse asaine. Pepala la mgwirizano litchule dipoziti kuti ndi zingati ndipo idzabwezedwa bwanji, ndipo zosweka zonse azijambule tsiku lolowa.

Ejenti uja ndinamuimbira, poyamba anati 60 ija anangoisunga abweretsa Loweruka, Loweruka linadutsa, kenako anasiya kuyankha, pano mauthenga anga amangoonetsa kachizindikiro kamodzi. Mnzanga wa kutchalitchi uja akuchita manyazi mpaka akundizemba, chonsecho iye sanalakwe, nayenso anangomukhulupirira. Agogo anandimvera chisoni anati tigawane, iwo ataya 30 ine ndipereke 30 kuti dipoziti ikwane 160 pa kabuku kawo, ndipo talemba tonse tasaina, mdzukulu wawo ndi mboni. 30 imeneyo ndi imene ndimafuna kutumiza kwa amayi ku Dedza kuti awonjezere pa feteleza, ndawauza kuti adikire mwezi wamawa.