QE si zimene tinaona kuno mu 2008

Abale anga a ku Mbare ndi ku Mufakose kuno ku Zimbabwe, pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri tikakhala pamodzi: "Amereka nawonso anasindikiza ndalama, bwanji kwawo sikunagwe chilichonse?" Funsoli n'lomveka kwa munthu amene anagwirapo pepala la madola 100 thililiyoni. Koma ine ndikuti QE, njira yopanga ndalama zatsopano n'kugulira zikalata za ngongole, imene mabanki aakulu a ku Japan, Amereka ndi Britain anagwiritsa ntchito, ndi chinthu china.

Chuma chikazizira, banki yaikulu imatsitsa chiwongoladzanja chake kuti ngongole itchipe. Vuto n'lakuti ikafika pa ziro imasowa kolowera. Ikatsikira pansi pa ziro kwambiri, anthu amangotapa ndalama zawo kukasunga m'nyumba, chifukwa ndalama ya m'manja sidulidwa kanthu. Bank of England, banki yaikulu ya Britain, inafika pa 0.5 peresenti mu Malichi 2009, ndipo pamenepo inayamba kugula zikalata za ngongole ya boma, poyamba za mapaundi 75 biliyoni.

Chifukwa chake n'chakuti chiwongoladzanja cha banki yaikulu n'cha ngongole ya masiku ochepa, pamene womanga fakitale amabwereka kwa zaka zambiri. Chimene chikusakidwa n'kutsitsa chiwongoladzanja cha nthawi yaitalicho.

Tiyerekeze chikalata cha boma cha mapaundi 100, chopereka mapaundi 4 chaka chilichonse kwa zaka 10, kenako n'kubweza 100 uja. Ukachigula pa 100, phindu lako ndi 4 peresenti. Ndiye pamsika pabwera wogula wamkulu amene ndalama sizimuthera, banki yaikulu ija, mtengo n'kukwera kufika pa 108.50. Wogula pa mtengo umenewu alandirabe mapaundi 4 pachaka, ndipo pamapeto abwezeredwa 100 basi, osati 108.50. Ukawerengera bwino, phindu lake latsika kufika pa 3 peresenti. Mtengo wa chikalata ukakwera phindu limatsika, ndipo QE yonse yatsamira pamenepa.

Nanga amene wagulitsa uja? Tinene kuti ndi bungwe la penshoni. Chikalata chapita, m'akaunti yake mwalowa ndalama, ndipo banki yake yalembedwera ndalama yomweyo m'akaunti imene ili nayo ku banki yaikulu. Palibe wapatsidwa zaulere, angosinthana. Koma bungweli lili ndi okalamba oti liziwalipira, silingakhalire ndalama yosabala. Limapita kukagula zikalata za ngongole za makampani kapena masheya, mitengo ya zimenezonso n'kukwera, makampani n'kuyamba kubwereka motchipa. Akatswiri a Bank of England anayerekeza kuti mapaundi 200 biliyoni oyambirira anatsitsa phindu la zikalata za boma ndi pafupifupi peresenti imodzi. Ukafuna kudziwa ngati zagwira, yang'ana pamenepo, kenako uone ngati ngongole za makampani zatchipadi. Kuchuluka kwa ndalama za mabanki ku banki yaikulu pakokha sikukuuza kanthu, chifukwa zimenezo zimangozungulira pakati pa mabanki okhaokha.

Kuno zinali zina. M'nthawi imene a Gideon Gono ankatsogolera Reserve Bank, bankiyi inkapanga ndalama yolipirira zinthu za boma mwachindunji, monga zipangizo zaulimi, pamene minda ndi mafakitale zinkatulutsa zochepa ndipo mashelefu anali mbee. Ndalama yatsopano inkathamangira katundu wosowa, ndipo banki inalibe chikalata chodalirika choti idzagulitse kuti ndalamayo ibwerere. Ku Britain katundu analipo, ogwira ntchito analipo, chosowa chinali ogula.

Sindikuti QE ndi yoyera, ayi. Chimene chimandipweteka n'chakuti imadutsira pa mitengo ya nyumba ndi masheya, ndiye woyamba kupindula ndi amene ali nazo kale. Wachinyamata wokhala nyumba ya lendi amangoona mtengo wa nyumba ukumuthawa. Komanso bilu yake imabwera mochedwa. Bank of England inagula zikalata mpaka mapaundi 895 biliyoni, ndipo imalipira chiwongoladzanja pa ndalama zimene mabanki amasunga kwa iyo. Chiwongoladzanjacho chitakwera kufika 5.25 peresenti mu 2023, inkalipira zambiri kuposa zimene zikalatazo zinkabweretsa, zikalata zomwezo zitatsikanso mtengo. Chitayikocho chinagwera thumba la boma, limene linalonjeza kale kuti lidzabweza.

Choncho wina akamati Zimbabwe nayonso ichite QE, ndimamufunsa kuti chiwongoladzanja chathu chinafika liti pa ziro. Mu 2022 chinali pa 200 peresenti. Malo otsitsira alipo ambiri, chimene chimaletsa ndi kukwera kwa mitengo. Banki yathu itati igule ngongole za boma ndi ndalama yathu ya ZiG yongopangidwa kumene, wolandirayo sapita kukasaka zikalata za makampani. Tsiku lomwelo apita kukasaka dola ya Amereka.