Ngongole ya malemu si ya mwana, lekani kuopseza anamfedwa

Zimene zachitika pamaliro ena kudera kwathu kuno sabata yatha zandipsetsa mtima. Bambo wa kabaza wamwalira, aikidwa Lachitatu. Lachisanu m'mawa, mphasa za m'siwa zisanapindidwe n'komwe, anthu awiri afika ndi makope kukhwapa. Mmodzi akuti malemu anatenga simenti ndi malata kushopu kwake. Wina akuti anawabwereka ndalama yogulira njinga yamoto ija. Kufunsa ngongole si kulakwa. Chondikwiyitsa n'chakuti anamulozera mwana wamkazi woyamba wa malemu, mphunzitsi wa pulayimale, kuti popeza iye ndi wa pamalipiro asayine pepala loti azidula mwezi ndi mwezi mpaka ngongole yonse ithe. Ndipo amalume ake enieni, m'malo moteteza mbumba yawo, akugwedeza mutu n'kumati, "Sayinani mayi, mutu ukakula sulewa nkhonya."

Nkhonya zake ziti? Wabwereka ndani?

Ngongole ya munthu womwalira imalipidwa ndi chuma chimene munthuyo wasiya. Chumacho chikatha, ngongole yathera pomwepo. Siidumphira m'thumba mwa mwana, siidumphira pa malipiro a mkazi wamasiye, siidumphira pa mbuzi za mchimwene wake kumudzi. Kubadwa mwa munthu si kusayina pepala la ngongole. Timati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, koma apa anthu akufuna nkhuyu zodya wamkulu zipote mwana amene sanalawe ngakhale imodzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa anthu akamva mawu okha amaganiza kuti ndi kuuma mtima. Tinene kuti njinga yamoto ya bamboyo itagulitsidwa ipereka K1,800,000, ndipo mu akaunti munatsala K200,000. Chuma cha masiye chonse ndi K2,000,000. Nyumba ndi ya lendi, choncho musaiwerengere. Choyamba kuchotsedwa pamenepo ndi ndalama za maliro zoyenera, monga bokosi ndi galimoto yonyamula thupi, komanso zolipira poyendetsa chumacho, monga mapepala a kukhoti. Tinene kuti zonsezi zadya K500,000. Yatsala K1,500,000.

Tsono wa shopu akufuna K1,000,000, wobwereketsa uja akufuna K2,000,000. Pamodzi K3,000,000. Ndalama ilipo ndi theka la zimene akufuna, ndipo palibe mwa awiriwa amene anagwira chikole. Ndiye aliyense alandira theka la ngongole yake: wa shopu K500,000, winayo K1,000,000. Sikuti wofika m'mawa kwambiri kapena wa mawu aakulu atenge zonse mnzake atsale m'manja muli mbee, ayi, amagawana molingana ndi kukula kwa ngongole ya aliyense. Nanga K1,500,000 yotsalayo? Yatayika. Wataya ndi wobwereketsa. Ana salandira kalikonse pa chuma cha bambo awo, zoona, chifukwa ngongole imayamba, kugawana kumabwera pambuyo. Koma sawonjezeraponso ngakhale K50 ya m'thumba mwawo.

Wina anena kuti mlandu suola. Inde suola, koma suolera pa mwini wake. Mlandu wa bambo suli pa mwana. Wobwereketsa anayang'ana nkhope ya bamboyo, anayang'ana njinga yake, anavomera yekha. Mwanayo panalibe, sanafunsidwe, mwina anamva za ngongoleyo koyamba pamanda pamene mwinimbumba ankalengeza kuti onse amene anali ndi ngongole ndi malemu aonane ndi abanja. Kulengeza kuja n'kwabwino, cholinga chake n'chakuti ngongole zidziwike chuma chisanagawidwe. Si lonjezo lakuti abanja alipira zonse ndi ndalama zawo.

Ndisanamizidwe kuti ndikuuza anthu kuti azithawa ngongole, pali malo amene wamoyo amagwidwadi, ndipo ndi ochepa. Ngati unasayina ngati womuimira wobwereka, kuti iye akalephera udzalipira ndiwe, ndiye ngongoleyo ndi yako, osati chifukwa ndiwe mwana kapena mkazi wake koma chifukwa cha dzanja lako lomwe. Chimodzimodzi ngati munabwereka awiri, maina onse ali papepala. Ngati malemu anapereka chikole, monga nyumba kapena galimoto, wobwereketsa ali ndi mphamvu pa chikolecho, ndipo banja likafuna kuchisunga liyenera kumalizitsa ngongoleyo. Likalephera, chikole chigulitsidwa, ndalama yotsala pamwamba pa ngongole ibwerera ku chuma cha masiye, ndipo ikaperewera wobwereketsa akaima pamzere limodzi ndi anzake ena. Sapita kukagogoda kwa mwana.

Malo ena ndi awa, ndipo apa m'pamene anthu abwinobwino amadzikola okha. Munthu amene wapatsidwa udindo woyendetsa chuma cha masiye, kaya ndi wotchulidwa mu wilo kaya ndi wopatsidwa kalata ndi khoti, akafulumira kugawa chuma kwa abale pamene akudziwa kuti pali ngongole, amayankha yekha. Pa chitsanzo chathu chija, akagulitsa njinga n'kugawira azichemwali ndi amalume K1,500,000 ija, obwereketsa angathe kumusumira iyeyo kuti abweze. Koma onani bwino: abweza K1,500,000 imene anamwaza, osati K3,000,000. Malire ndi omwe aja, kukula kwa chuma chimene malemu anasiya. Chimodzimodzi m'bale amene wangodzitengera katundu popanda kalata iliyonse, wadziika yekha pamoto.

Kupatula zimenezi, palibe. Palibe lamulo lakuti woyamba kubadwa, kapena wa pantchito, kapena amene ali ku Joni, ndiye wolowa ngongole.

N'chifukwa chake pepala lija ndi msampha. Lero mphunzitsiyo alibe ngongole ndi munthu. Akangosayina kuti "ine ndidzalipira", wapatsa wobwereketsa chinthu chimene analibe, pepala la dzina la munthu wamoyo wa malipiro, loti akaliwonetse kukhoti. Mwina angathe kulimbana nalo pambuyo pake, koma ndi milandu, ndi maulendo, ndi ndalama. Obwereketsa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amabwera misozi isanaume, munthu asanagone tulo tabwino masiku anayi. Amadziwa kuti namfedwa amaopa manyazi kuposa umphawi. Musasayine kalikonse pasiwa. Musadinde chala. Ngakhale uthenga wa pafoni woti "musadandaule ndikonza ine" musatumize.

Yankho loyenera ndi lalifupi ndipo lilibe mwano: "Tamva, bambo. Bweretsani umboni wa ngongoleyo, tiulemba pamodzi ndi ngongole zina, ndipo woyendetsa chuma cha malemu adzakuyankhani." Umboni wake ndi pepala losayinidwa ndi malemu, malisiti, mauthenga a ndalama za pafoni, kapena mboni zimene zinalipo. Dzina longolembedwa m'kope ndi dzanja la wobwereketsa yemweyo, popanda siginecha ya malemu, lifunika kufunsidwa bwino, chifukwa maliro amabala ngongole zambiri zimene mwini wake sanazidziwe. Funsaninso zimene malemu anabweza kale. A katapila ambiri amakumbukira zimene anapereka, zimene analandira amaiwala, ndipo chiwongoladzanja chimangokwera ngati kuti munthu akadali moyo akuyendetsa njinga.

Ngati ngongole ili kubanki kapena kubungwe lobwereketsa ndalama, funso loyamba si "tilipira bwanji". Funso loyamba n'lakuti kodi ngongoleyi inali ndi inshuwalansi? Ngongole zambiri za m'mabungwe otere, makamaka zodulidwa pa malipiro, zimakhala ndi inshuwalansi ya imfa imene wobwereka amalipira osadziwa n'komwe, ndipo ntchito yake ndi kufafaniza ngongole yotsala munthu akamwalira. Pitani ndi chikalata cha imfa, pemphani pepala la mgwirizano ndi sitetimenti, muwerenge zimene zinkadulidwa. Pali mabanja amene amapitiriza kulipira ngongole imene inshuwalansi ikanaitseka, chifukwa palibe amene anafunsa ndipo palibe amene anawauza. Ku banki m'khonde yang'anani malamulo a gulu m'buku lawo, ndipo masheya a malemu awerengedwe kaye asananene kuti kwatsala zingati.

Komanso si chilichonse cha m'nyumba chimene chili chuma cha masiye. Makina osokera amene mayi anagula ndi geni yawo ndi a mayiwo. Foni ya mwana ndi ya mwana. Chipepeso chimene anthu anaponya m'mbale ndi cha anamfedwa, si cha malemu. Wobwereketsa alibe mphamvu yolowa m'nyumba n'kunyamula mipando kapena kukankha njinga kupita nayo kwawo. Njira yake ndi kwa woyendetsa chuma, zikakanika kukhoti. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu, ndipo silinati wolandayo akakhala ndi kope kukhwapa ndiye wakhululukidwa. Akayamba kuopseza, pitani kupolisi. Pa za kayendetsedwe ka chuma, ofesi ya bwanamkubwa wa boma lanu ndi poyambira, ndipo boma lili ndi ofesi yothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Mwana akafuna yekha kulipira, kuti dzina la bambo ake likhale loyera kumpingo kapena pamudzi, ndi ufulu wake ndipo sindingamunyoze. Koma chikhale chifundo chake, pa nthawi yake, ndi ndalama imene angakwanitse, ndipo wolandirayo athokoze. Asachite kumuuza kuti mzimu wa bambo ake sugona. Mzimu umene sugona chifukwa cha simenti ya wa shopu, koma ukugona bwinobwino pamene adzukulu ake achotsedwa sukulu kuti ngongole ilipidwe, ndi mzimu wa mtundu wanji?

Ndipo inu amalume, ndi inu nonse a kuchimuna amene munali chete Lachisanu lija. Pogawana jekete, wailesi ndi nsapato za malemu munali patsogolo, aliyense akukumbutsa kuti ndi magazi amodzi. Pamene kope latsegulidwa magazi aja auma, mwana wamkazi yekha ndiye wasanduka m'bale. Nanga aja amene malemu anawakongoza ali kuti? Amene ankakwera njinga ija ulendo ndi ulendo n'kumati tidzalipira kumapeto kwa mwezi, amene anabwereka K100,000 ya feteleza chaka chatha. Ndalama zimenezo ndi chuma cha masiye, zikanawonjezera pa K1,500,000 ija ndipo wa shopu akanalandira zochulukirapo. Kulengeza pamanda kuja kunali kwa mbali zonse ziwiri. Onse anamva, anadya nsima, anasamba m'manja, anapita. Mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe amene wabwera.