Agogo sanasokonezeke, sakukumvani bwino

Maganizo anga ndi akuti agogo ambiri amene timawanena kuti mutu wayamba kusokonezeka, kapena kuti ayamba mwano, vuto lawo lili m'makutu ndi m'maso basi. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwa anthu opitirira zaka 60, oposa mmodzi mwa anayi alionse ali ndi vuto lalikulu la kumva.

Khutu likamakalamba silitseka lonse nthawi imodzi. Limayamba kutaya timawu tosongoka ngati s, f, t ndi ch, pomwe a, e, o akumvekabe. Ndiye mdzukulu akafunsa kuti, "Agogo, mwasamba?" iwo amangomva "mwa...amba", n'kudzaziramo okha. Amayankha kuti, "Sindinayambe, ndikudikira mvula." Nyumba yonse kuseka, ati agogo zayamba. Koma tamverani bwino yankholo. Ndi lanzeru ndithu, kungoti likuyankha funso lina lofanana kamvekedwe. Wailesi ikamalira, kapena muli mu minibasi ya ku Ndirande kondakitala akukuwa, zimanyanya.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ulemu wathu womwewu ndi umene umawapweteka. Mwana wophunzitsidwa bwino amagwada chapatali, kuweramitsa mutu, n'kuyankhula motsitsa mawu. Mpongozi ndiye amachita kuyang'ana kumbali. Pamenepo agogo sakuona milomo, chonsecho milomoyo ndi imene imawathandiza kugwira mawu amene khutu lataya. Tikatopa timakuwa, ndipo kukuwa kumawalasa m'khutu koma mawu osamvekabe. Akati "usandikalipire", ife timati aukali.

Maso nawonso. Munthu wa ng'ala dzuwa likamuwomba kumaso, nkhope yanu imangokhala chithunzithunzi. Akudutsani mu msika wa Limbe osapereka moni, inu mwakwiya kale, mpaka ena amafika powanena za ufiti.

Kusiyanitsa kwake sikovuta. Zimitsani wailesi, khalani pafupi moyang'anana, kuwala kukhale pa nkhope yanu osati kumbuyo kwanu, muyambe mwatchula dzina lanu. Yankhulani pang'onopang'ono, ndipo akapanda kumva musinthe mawu m'malo mobwereza omwewo. Akayankha molondola, n'kumakumbukirabe pambuyo pake zimene munakambirana, n'kutheka kuti vuto ndi makutu chabe. Wodwala matenda oiwalaiwala amamva funso, kuyankha, pakapita kanthawi n'kuiwala kuti munakambirana, kapena kusochera pa njira imene wayenda zaka zambiri. Koma kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi, dzulo ali bwino lero sakudziwa pomwe ali, kumeneko thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Za makutu ndi masozi pitani nawo ku chipatala cha Queens ku Blantyre. Kuli mbali yoyeza makutu komanso chipatala cha maso cha Lions. Nthawi zina limangokhala phula lotseka khutu, amalichotsa (chonde musamawatokose ndi kamtengo ka machesi, mumangolikankhira m'kati). Ng'ala amachita opaleshoni yosakwana ola limodzi, diso limodzi kaye, ndipo ambiri bandeji ikachotsedwa m'mawa mwake amayamba kuona.