Chenjezo kwa anyamata a m'galaja: buku liyambe, chigubu chibwere pambuyo

Anyamata inu amene mukuphunzira umakaniko, tulani pansi masipanala mumve. Ndine mwini galaja, ndipo galimoto ikawonongeka m'manja mwanu, mwini wake sasaka inu, amasaka ine. Pali khalidwe lina limene lafala pakati panu ndipo landitopetsa. Galimoto ikangolowa, wina watsegula kale boneti, wina wanyamula fanelo, chigubu chatsekulidwa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene watsegula kabokosi ka pa dasibodi kuti aone buku la galimotoyo. Ukafunsa amati, "Bwana, oyilo ndi oyilo." Mawu amenewo ndisadzawamvenso pa malo anga.

Tiyeni titenge Toyota Vitz ya KSP90, timagalimoto tija tadzaza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Injini yake ndi 1KR-FE, ya masilinda atatu, ndipo giyabokosi yake ndi CVT. Tsono inu mukaona kuti pansi palibe kilachi, mumangoti ndi otomatiki, n'kuthamangira oyilo wofiira wa Dexron amene munazolowera. Pamenepo ndi pamene mumaphera galimoto za eni.

Mvetsani mmene chinthuchi chimagwirira ntchito. Mu CVT mulibe magiya osinthana monga mu otomatiki yakale. Muli mapule awiri ndi lamba wachitsulo pakati pawo. Mapulewo amafinya lambayo, ndipo mphamvu yonse ya injini imadutsa pamene chitsulo chagwirana ndi chitsulo. Oyilo wa mmenemo anapangidwa kuti afewetse zina zonse koma alole lambayo kugwira osaterereka. Buku la KSP90 limatchula dzina lake: Toyota CVT Fluid TC. Mukathiramo Dexron, lamba amayamba kuterereka pang'onopang'ono n'kumakanda mapule.

Chonyenga chake n'chakuti tsiku loyamba galimoto imatuluka bwinobwino, inu n'kumadziguguda pachifuwa. Pakapita masiku mwini wake amabwerera akudandaula kuti ikamanyamuka ikunjenjemera, pachitunda injini ikulira kwambiri koma liwiro silikukwera, ndipo pansi pakumveka kamluzu. Mukamasula sampu ya giyabokosi mupeza maginito ake atakutidwa ndi tizitsulo tonyezimira. Zikafika apo, kusintha oyilo sikubweza chitsulo chimene chadyeka. Ngakhale mutazindikira msanga, dziwani kuti kutsitsa kamodzi sikuchotsa oyilo yense, wambiri amatsalira mkati, ndiye muyenera kutsitsa ndi kuthira kangapo ndi oyilo wokwera mtengo uja munkamuthawayo. Ndalama imeneyo idzachokera m'thumba la ndani?

Musaganizenso kuti mwapulumuka chifukwa pa botolo palembedwa CVT. Toyota yomweyo ili ndi TC ndi FE. Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3. Honda Fit zina zimafuna HMMF, zina HCF-2. Ngakhale Vitz za maonekedwe amodzi sizifanana zonse: ya NCP95, yokoka ndi mateyala onse anayi, ili ndi otomatiki wamba wa magiya anayi, osati CVT. N'chifukwa chake ndimakuuzani kuti muziyamba mwawerenga kachikwangwani ka fakitale kali pa thupi la galimoto kuti mudziwe modelo yeniyeni, kenako mupite ku buku.

Ndikudziwa chimene muyankhe. Muti, "Mabuku ake ndi a Chijapani, tiwerenga bwanji?" Chimenecho ndi chifukwa cha munthu waulesi. Tsegulani chakumapeto kwa bukulo, mupeza masamba a mizere ndi manambala. Mawu ambiri ndi a Chijapani, inde, koma 1KR-FE, 0W-20, 5W-30, TC ndi kuchuluka kwa malita zalembedwa m'zilembo zimene munaphunzira ku pulayimale. Ngati buku linatayika, ambiri amapezeka pa intaneti, ndipo lamya zanuzo si zoonera mpira wokha. Yang'ananinso pa chivundikiro cha oyilo, cha mabuleki ndi pa dipisitiki ngati ilipo, chifukwa opanga galimoto kawirikawiri amadinda pomwepo chimene akufuna. Zonse zikakanika, bwerani mudzandifunse. Safunsa anadya phula.

Pa oyilo wa injini mulinso ndi matenda ena. Galimoto iliyonse mumaipatsa 20W-50, ati kuno n'kotentha, oyilo wopyapyala ndi madzi. Nambala yoyamba, ya W, imanena mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira, yachiwiri imanena kukhuthala kwake injini ikatentha. Injini ya 1KR-FE ili ndi tinjira ting'onoting'ono ta oyilo, ndiponso VVT-i yake, imene imasintha nthawi yotsegukira mavalavu, imayendetsedwa ndi oyilo yemweyo. Mukaipatsa phala la 20W-50, m'mawa oyilo amachedwa kufika kumtunda, tcheni chimalira, petulo amapita wambiri. Sindikukana kuti injini yokalamba imene yayamba kudya oyilo ingafune wokhuthalirapo. Koma buku lomwelo lili ndi mndandanda wa amene aloledwa, monga 5W-30 ndi 10W-30. Sankhani m'menemo, osati m'mutu mwanu.

Muyezo nawonso uli m'bukumo. Injini imeneyi imalowa malita atatu ndi pang'ono mukasintha ndi fyuluta yomwe. Mwini galimoto akabweretsa chigubu cha malita asanu, sindiye kuti mukhuthule chonse. Oyilo akasefukira muyezo amamenyedwa ndi kirankishafuti n'kuchita thovu, ndipo masilo amayamba kudontha. Thirani zimene buku lanena, lizani injini pang'ono, zimitsani, dikirani mphindi zingapo galimoto ili pamalo athyathyathya, muone dipisitiki. Wotsalayo mum'bwezere mwini wake.

Za mabuleki ndilankhula mwachidule chifukwa apa palibe zokambirana. Pa chivundikiro pakalembedwa DOT 3 kapena DOT 4, thirani zimenezo. DOT 5 ndi ya silikoni, siisakanizidwa ndi zinazo, ndipo musapusitsidwe ndi nambala poganiza kuti yaikulu ndiye yabwino. Choopsa kwambiri ndi fanelo kapena kabotolo kamene munathirira oyilo wa injini kapena wa siteringi. Madontho ochepa chabe amatupitsa malabala onse a mabuleki, ndipo galimoto yotero ikatsetsereka pa Chiweta muli anthu, simudzakhala ndi mawu oti muuze abale awo. Botolo limene lakhala lotsegula kwa miyezi litayeni, chifukwa mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, ndipo akatero amawira msanga mabuleki akatentha.

Ku radiyeta nako, lekani kusankha ndi maso. Mtundu wofiira, wapinki kapena wobiriwira ndi utoto chabe, mabotolo awiri a mtundu umodzi akhoza kukhala ndi mankhwala osiyana. Werengani dzina m'buku, muwerengenso pa botolo ngati ndi wosungunula kale kapena wofunika kuthira madzi. Ndipo madzi a pa mjigo asalowe m'radiyeta, amasiya mchere ndi dzimbiri.

Kuyambira mawa lamulo pano ndi ili. Musanatsegule chigubu chilichonse, lembani pa khadi la ntchito modelo ya galimoto, dzina la injini, dzina la oyilo monga lalembedwera m'buku, ndi malita ake. Mundionetse khadilo pamodzi ndi botolo lisanatsegulidwe, ndisayine. Wogulitsa masipeya akakuuzani kuti "uyu amalowa paliponse", tembenuzani botololo mupeze dzina lija kumbuyo kwake, mukalisowa, libwezeni. Amene ndidzam'peze wathira kanthu khadi ndisanasayine, mwezi wonse adzakhala akutsuka mapati ndi palafini kuseri, sipanala sadzaigwira.